KUTENTHA KWA PANSI PA MALATA KUKOMOLA MARAUTA KU MISISI

Mwezi wa Okutobala ukafika mu mzinda wa Lusaka, dandaulo limodzi limamveka kawirikawiri m'nyumba za m'komboni ya Misisi ndi m'makomboni ena monga Kanyama ndi Chawama. Anthu amati intaneti imayenda bwino m'mawa, koma dzuwa likafika pamutu imayamba kutsimphina, kenaka imaima, ndipo rauta imadzizima ndi kudziyatsanso yokha. Ambiri amafulumira kunena kuti kampani ya netiweki ndiyo yalakwa, ena amataya ndalama pogula rauta yatsopano. Koma nthawi zambiri mlandu uli ndi malo amene kacipangizoka kaikidwa.

Kwa awerengi athu amene sanaione, rauta ndi kabokosi kokula ngati buku, kamene kamalandira intaneti, makamaka kudzera pa simukadi, ndi kuigawira mafoni ndi makompyuta a m'nyumba popanda nthambo. Popeza nyumba za malata ndi magetsi a dzuwa zafika ndi kumidzi komwe, zimene zicitika ku Misisi zikhudzanso banja la ku Katete kapena ku Petauke.

Cimene citenthetsa rauta

Rauta imadya magetsi ocepa, kawirikawiri mawati 5 kufika 12, ndipo pafupifupi magetsi onsewo amasanduka kutentha m'kati mwa bokosi. Marauta ambiri a m'nyumba alibe fani m'kati. Amadalira timabowo ta pansi ndi ta m'mbali kapena pamwamba: mpweya wozizirirako ulowa pansi, utenga kutentha, ndi kuturukira kumwamba. Timabowoto tikatsekeka, kapena mpweya wolowawo ukakhala wotentha kale, kutenthako kumasowa kopita.

Opanga marauta ambiri amalemba m'kabuku ka malangizo kuti cipangizo cao cigwire nchito pa mpweya wa madigiri 0 kufika 40. Malire amenewa ndi a mpweya wozungulira bokosi, pakuti zitsulo za m'kati zimatentha kuposa pamenepo. Zikatentha mopyola muyezo, rauta imacepetsa liwiro dala kuti idziteteze. Zikapitirira, imaima kapena kuzima, ndipo ikazizirako pang'ono imayakanso.

Tsono nyumba zambiri za ku Misisi ndi za mabuloko a simenti, zofolera ndi malata ofupika, zopanda siling'i, za mazenera ang'ono, ndiponso zothithikana kotero kuti mphepo siyenda bwino pakati pao. M'mwezi wa Okutobala kutentha kwa masana mu Lusaka kumapyola madigiri 30, ndipo dzuwa limadutsa pafupifupi pamutu penipeni. Lata limene lili padzuwa lotere litha kufika madigiri 60, ndipo limaocha zonse zimene zili pafupi nalo monga imacitira mbaula. Mpweya wotentha nawo umakwera ndi kuunjikana m'munsi mwa denga. Komweko ndiko kumene ambiri amaika rauta, pofuna kuti igwire bwino netiweki ndi kuti ana asaifikire.

Yambani mwadziwa nthenda

Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Musanagule kanthu, tengani masiku atatu mukulemba nthawi imene rauta yaima kapena kuzima. Ngati nthawizo zikuunjikana pakati pa 12 koloko ndi 16 koloko, ndipo usiku ndi m'mawa zonse zili bwino, kutentha ndiko koyamba kukaikiridwa. Pa nthawi yomweyo ikani dzanja pa bokosi. Kufunda si vuto, koma ngati dzanja silingakhalepo nthawi yaitali, rauta yatentha kwambiri.

Onaninso timagetsi ta kutsogolo. Ngati tonse tazima ndi kuyaka kamodzikamodzi monga ticitira poyatsa, ndiye kuti rauta yadziyambitsanso. Ngati kamagetsi ka mphamvu kali ciyakire koma ka netiweki kokha ndiko kasintha, mwina vuto lili kunja kwa nyumba, makamaka madzulo pamene anthu ambiri ali pa intaneti nthawi imodzi.

Mayeso otsiriza ndi a fani. Tsiku lotentha, lozetsani fani ya patebulo pa rauta kuyambira 11 koloko. Ikatha tsiku lonse osazima, nthenda yapezeka. Ikazimabe ngakhale bokosi lili lozizira, yang'anani kwina, ndipo tidzanena za zimenezo kumapeto.

Citsanzo ca nyumba ya zipinda ziwiri

Tiyerekeze banja la ku Misisi lokhala m'nyumba ya zipinda ziwiri. Rauta yao ili pamwamba pa kabati, cikhato cimodzi cabe kucokera ku malata. Amai a m'nyumbamo aifundika kansalu koluka kuti isadetsedwe ndi fumbi, ndipo pambali pake pagona adaputa yake pamodzi ndi batire yothandiza magetsi akapita. Tiyerekezenso kuti panja pali madigiri 33, patebulo la m'cipinda pali 35, koma pamwamba pa kabati pali 45. Rauta imeneyi yapyola kale malire ake ndi madigiri 5 kansalu kaja tisanakawerengere.

Coyamba ndi kucotsa kansalu. Nsalu, ngakhale yoboolaboola, imagwira mpweya wotentha monga bulangete. Zikatero azime rauta, aicotse ku magetsi, ndi kupukuta timabowo ndi mswaci wouma. Fumbi la mphepo ya Ogasiti ndi Seputembala likasakanikirana ndi utsi wa mbaula limamatirira m'timabowo, motero nchito imeneyi iyenera kucitika kamodzi pa mwezi m'nyengo ya cilimwe. Madzi asakhudze cipangizoci.

Caciwiri ndi kuitsitsa. Rauta icoke pa kabati, ikhale pafupifupi mita imodzi kucokera ku malata, pa kashelufu kokhomera ku cipupa. M'citsanzo cathu, kutsika kokhaku kwaibweza mu mpweya wa madigiri 36 kapena 37, umene uli m'kati mwa malire. Kashelufu ka waya kapena ka timatabwa totalikirana kaposa thabwa lathunthu. Ngati palibe, tizitsekero tinai ta mabotolo toikidwa pansi pa ngodya za rauta timaikweza mokwanira kuti mpweya ulowe pansi. Mbali zonse pasiyidwe danga la cikhato cimodzi. Rauta yopangidwa kuti iziimirira isagonekedwe, pakuti timabowo take tinakonzedwa motsata kaimidwe kake.

Cacitatu ndi kulekanitsa zinthu zotentha. Adaputa ndi batire zili ndi kutentha kwao, ndipo zikasanjikizana ndi rauta zimaochana. Ciriconse cikhale pa malo ace. Pamwamba pa wailesi ya kanema, pa dikoda ndi kumbuyo kwa firiji ndi malo oipa pa cifukwa comweco.

Zenera lithandiza, dzuwa liononga

Apa pali cobvuta cimodzi. Rauta ya simukadi ikatsitsidwa, mwina mphamvu ya netiweki icepa, ndipo netiweki ikafooka rauta imalimbikira potumiza mau ake ku nsanja, ndi kutentha koposa. Cifukwa cace malo abwino ndi pafupi ndi zenera, pomwe netiweki ilowa mosabvuta ndipo mpweya uyenda, koma pamthunzi. Zenera la kumadzulo lipewedwe, pakuti dzuwa la 15 koloko limalasa molunjika pa nthawi imene nyumba yatentha kale. Pulasitiki yakuda imamwa dzuwa msanga kuposa yoyera.

Poyesa malo atsopano, werengani timizere ta netiweki pa bokosi. Mungathenso kutsegula tsamba la rauta pa foni polemba nambala imene yalembedwa pansi pa bokosi, imene pa marauta ambiri ndi 192.168.0.1, 192.168.1.1 kapena 192.168.8.1. Tsambalo lionetsa mphamvu ya netiweki, ndipo pa marauta ena lionetsanso nthawi imene yapita ciyakire. Kutaya kamzere kamodzi si kanthu ngati rauta yaleka kuzima.

Amene amatsekera rauta m'bokosi poopa akuba, monga a m'tumasitolo ndi m'tuntemba ta malata, aboole mabowo ambiri pansi ndi pamwamba pa bokosilo, kapena apangitse kakhola ka waya. Mabowo a mbali imodzi yokha sakwanira, cifukwa mpweya ufuna polowera ndi poturukira.

Ngati zonsezi sizikwana

Pa masiku otentha kwambiri cipinda conse cikhoza kuyandikira madigiri 40. Apo kafani kang'ono ka USB, kolumikizidwa ku chaja ya foni, kamathandiza. Kaikidwe moti kaziuzira mpweya m'timabowo ta rauta. Kafani ka mawati 2 koyaka usana ndi usiku kwa masiku 30 kamadya magetsi osakwana yuniti imodzi ndi theka. Dziwani kuti fani siziziritsa mpweya, imangocotsa wotentha umene waunjikana pa bokosi, motero siingatsitse rauta kupyola kutentha kwa cipinda. Mankhwala okhalitsa ali pa denga: siling'i, ngakhale ya mphasa, pamwamba pa ngodya imene pali rauta, kapena penti yoyera pamwamba pa malata.

Musaike rauta m'firiji, musaifundike nsalu yonyowa, ndipo musaike madzi oundana pa iyo. Cinyontho cimasanduka mame m'kati ndi kudya zitsulo.

Pamene mlandu suli wa kutentha kwa bokosi

Rauta yozizira imene izimabe nthawi zambiri imakhala ndi adaputa yotopa. M'adaputa muli timigolo tosunga magetsi, timene timauma msanga pa malo otentha, ndipo akatswiri amawerengera kuti madigiri 10 alionse oonjezeka amadula moyo wa timigoloti ndi theka. Cizindikiro cace ndi cakuti rauta imazima pamene anthu ambiri ayamba kuonera makanema, kaya ndi usana kapena usiku. Pogula ina, werengani zolembedwa pa yakale, monga Output 12V 1A. Mavoti akhale omwewo ndendende, maampu akhale ofanana kapena oposerapo, ndipo kamutu kolowa mu rauta kakhale kofanana. Soketi yogwedera nayo imazimitsa rauta munthu akangogunda nthambo.

M'caka ca 2024, cilala citacepetsa madzi m'damu la Kariba, magetsi anali kusowa maola ambiri pa tsiku, ndipo mabanja ambiri anayamba kudalira mabatire ndi timarauta ta m'thumba. Timarauta timeneti tili ndi batire m'kati, ndipo timatentha kwambiri tikamachajidwa uku tikugwira nchito. Tisasiyidwe pansi pa pilo kapena pa zenera la dzuwa. Civundikiro cikayamba kutukumuka, batire yatupa: zimani pomwepo, musaiboole, musaichajenso, ndipo musaiponye pa moto.

Motero Okutobala asanafike, mwini nyumba aimirire pansi pa rauta yace pa 14 koloko ndi kukweza dzanja kufika pamene yakhala. Ngati dzanjalo limva kutentha kwa malata, rauta itsitsidwe tsiku lomwelo.