Masekondi 30 a pa wailesi salola katundu wa m'sitolo yonse

Mwini bizinesi akalowa mu ofesi ya zamalonda pa wailesi, kawirikawiri amabwera ndi pepala lodzaza kutsogolo ndi kumbuyo. Walembapo moni, mbiri ya sitolo, katundu yense, maola otsegulira ndi manambala a foni awiri kapena atatu. Koma ndalama zimene wakonza ndi za masekondi 30 okha. Vuto limeneli limapezeka paliponse, kaya ndi ku MBC, yomwe yakhala ikuulutsa mawu kuyambira 1964, kaya ku Zodiak, yomwe inayamba mu 2005, kayanso pa mawailesi a m'madera monga Dzimwe ku Mangochi ndi Mudziwathu ku Mchinji. Wailesi imagulitsa nthawi, ndipo uthenga ukapitirira nthawi yolipiridwa, mwini wake amawonjezera ndalama kapena amadula mawu.

Kudula mawuko kuli ndi njira yake, ndipo kumayamba ndi masamu.

Mabuku ophunzitsa kulemba malonda m'Chingerezi amati masekondi 30 amalola mawu pafupifupi 70. Wolemba m'Chichewa akatengera chiwerengerochi amakodwa, chifukwa mawu athu ndi aataliatali. Liwu limodzi ngati "kukudziwitsani" lili ndi maphatikizo 6, pomwe "wosiyanasiyana" lili ndi 7. N'chifukwa chake ndi bwino kuwerenga maphatikizo, monga ana amachitira ku sitandade 1, m'malo mowerenga mawu. Munthu wowerenga momveka, mosathamanga, amatchula maphatikizo ngati 5 pa sekondi. Ndiye kuti masekondi 30 angalole maphatikizo 150, koma pamenepo pakufunika kuchotsapo nthawi ya kanyimbo, ya phokoso lokopa makutu ndi yopumira. Otsala ndi maphatikizo pakati pa 115 ndi 130, omwe ndi mawu a Chichewa 40 mpaka 50. Anthu amasiyana liwiro la lilime, choncho masamuwa amatsimikizidwa ndi wotchi ya pa foni, uthenga ukuwerengedwa mokweza.

Chitsanzo chingathandize. Tiyerekeze sitolo ya zipangizo za ulimi pa Mponela, m'boma la Dowa, ndipo tingoitchula kuti Kwa Auje. Ndi mwezi wa Meyi, anthu akukolola, ndipo mwini sitolo walemba chonchi:

"Moni alimi nonse okondedwa a m'boma la Dowa ndi madera onse ozungulira. Ife a sitolo ya Kwa Auje ndife okondwa kukudziwitsani kuti tsopano talandira katundu watsopano wosiyanasiyana monga matumba a PICS osungira chimanga, feteleza, mbewu za masamba, makasu, zikwanje, mankhwala a ziweto ndi zina zambiri pa mitengo yotsika zedi. Matumba amenewa ndi apamwamba kwambiri chifukwa amateteza chimanga chanu kwa anankafumbwe popanda kuthira mankhwala alionse. Timapezeka pa Mponela moyang'anana ndi depoti ya mabasi, ndipo timatsegula kuyambira 7 koloko m'mawa mpaka 5 koloko madzulo, Lolemba mpaka Loweruka. Kuti mudziwe zambiri, imbani pa nambala iyi kapena iyi. Fulumirani musachedwe, Kwa Auje ndi kwanu."

Ndi uthenga waulemu ndipo mulibe bodza, koma uli ndi mawu 100 ndi maphatikizo opitirira 270. Kuuwerenga kumatenga masekondi ngati 55, manambala a foni aja asanatchulidwe n'komwe. Akatchulidwa, mphindi yathunthu yadutsa.

Ambiri akafika pamenepa amatenga cholembera n'kuyamba kufufuta liwu apa, liwu apo. Zotsatira zake ndi uthenga womwewo koma wopunduka, wongotchula zinthu mondondoza ngati risiti. Mlembi wodziwa ntchito amayamba ndi funso kwa mwini sitolo: mwezi uno, ndi chinthu chiti chimodzi chimene mukufuna kuti mlimi adzagule? M'nyengo yokolola yankho ndi matumba. Feteleza ndi mbewu zidzapeza uthenga wakewake mvula ikayandikira mu Okutobala ndi Novembala. Makasu ndi zikwanje mlimi adzaziona yekha akalowa m'sitolomo. Eni mabizinesi zimawawawa kusiya katundu wina osatchulidwa, poganiza kuti ndalama zawo zikupita pachabe. Koma womvera wailesi amakhala akutsuka mbale, akutong'ola chimanga kapena ali m'minibasi, ndipo sangabwezere uthenga m'mbuyo monga amachitira wowerenga nyuzipepala. Zinthu zisanu ndi chimodzi zikatchulidwa mothamanga, palibe chimene chimatsala m'mutu.

Chinthu chimodzicho chikasankhidwa, zodula zimaoneka zokha. Moni woyamba uja ukudya masekondi pafupifupi 6, ndipo ndi masekondi ofunika kuposa ena onse, chifukwa ndi pamene munthu amasankha kutchera khutu kapena kupitiriza macheza. Pamaso ndi pamaso, kuyamba nkhani popanda moni n'kupanda mwambo, koma pa wailesi muulutsi wa pulogalamu wapereka kale moniwo. Ulemu usungidwe m'kalankhulidwe, pomutchula womvera kuti "inu" ndi "zanu". Mawu oti "ndife okondwa kukudziwitsani kuti" akunena za chisangalalo cha mwini sitolo, chomwe mlimi alibe nacho ntchito. "Apamwamba kwambiri" ndi "mitengo yotsika zedi" amanenedwa ndi wamalonda aliyense, moti makutu anawazolowera ndipo sawamvanso. Maola otsegulira nawo achoke, pakuti sitolo zonse za pamsika zimatsegula masana. Akanafunika kutchulidwa sitoloyo ikanakhala yotsegula ngakhale Lamulungu, chifukwa chimenecho chikanakhala chachilendo.

Nambala ya foni ndiyo imabutsa mkangano waukulu. Manambala a foni za m'manja ku Malawi ali ndi madijiti 10, ndipo kuwatchula momveka kumatenga masekondi 5 kapena 6. Kuti munthu aigwire, iyenera kubwerezedwa, ndiye kuti gawo limodzi mwa magawo atatu a nthawi yonse lapita. Mlimi wa kwa Chakhaza saimba foni kuti agule thumba. Amakwera njinga tsiku la msika n'kupita kusitolo. Chomwe akufunika kudziwa ndi malo. Zikanakhala zosiyana kwa wamalonda wopanda sitolo, monga wobweretsa njerwa kapena wokumba zitsime. Iyeyo nambala ndiye khomo lake, ndipo angasiye kulongosola malo kuti nambala imodzi yokha itchulidwe kawiri, m'timagulu ta madijiti atatu kapena anayi.

Pakati pa uthenga woyamba uja panabisala chiganizo chimodzi chamtengo wapatali, chonena za anankafumbwe ndi kusunga chimanga popanda mankhwala. Chimenecho ndi chenicheni. Matumba a PICS, omwe anapangidwa ndi akatswiri a yunivesite ya Purdue ku America poyambirira posungira khobwe, ali ndi mapulasitiki awiri m'kati ndi thumba wamba kunja. Akamangidwa bwino mpweya sulowa, ndipo tizilombo tikamaliza mpweya umene unatsalamo timafa. Uthenga watsopano umangidwe pa mfundo imeneyi, ndipo uyambire pamene mlimi pamamupweteka:

Phokoso la chimanga chikukhuthulidwa m'thumba.

Mayi: "Aa! Abambo, taonani! Chimanga chonse chafumbwa!"

Bambo: "Thukuta lonse lija lathera anankafumbwe?"

Wolengeza: "Chaka chino zisatero. Thumba la PICS limatsekera mpweya kunja, nankafumbwe amafera momwemo. Mankhwala safunika. Matumba a PICS ali Kwa Auje, pa Mponela, moyang'anana ndi depoti. Kwa Auje, pa Mponela: zokolola zanu zikhale zanu."

Kanyimbo kotsekera.

Mawu atsika kufika pa 44 ndipo maphatikizo ali pansi pa 120, omwe ndi masekondi ngati 24 a kulankhula. Masekondi 6 otsalawo agawidwa kwa phokoso loyamba, kupuma pakati pa olankhula ndi kanyimbo komaliza. Kupumako si nthawi yotayika. Bambo uja akafunsa funso lake, kachete ka theka la sekondi ndiko kamapatsa womvera mpata wokumbukira nkhokwe yake ya chaka chatha.

Chimene chimachititsa kuti uthengawu ukumbukike chikuoneka m'kamangidwe kake. Phokoso la chimanga likusonyeza malo popanda liwu lililonse. Mawu a mayi ndi bambo ndi a pakhomo, amene womvera anawanenapo kapena kuwamva. Dzina la sitolo ndi malo ake zatchulidwa kawiri, ndipo zaikidwa kumapeto, pomwe khutu limagwira bwino. Mzere wotsiriza ukubwereza liwu loti "zanu", motero umayenda pa lilime mosavuta ndipo ungadzagwiritsidwenso ntchito pa uthenga wina chaka chamawa. Kachisudzo kotere kali ndi ngozi yake: kakatalika, anthu amakumbukira kukangana kwa banja lija n'kuiwala wogulitsa. N'chifukwa chake mayi ndi bambo apatsidwa mzere umodziumodzi basi.

Kufupikitsa kuli ndi malire ena amene sayenera kudumphidwa. Mlembi angakopeke kulemba kuti chimanga "sichidzafumbwanso mpaka kalekale", chifukwa ndi mawu okoma kumva. Koma thumba limeneli limagwira ntchito chimanga chikakhala chouma bwino, thumba lililonse la m'kati likamangidwa palokha mothina, ndiponso likapanda kubooka. Zimenezi sizingakwane m'masekondi 30, choncho wogulitsa azifotokoze pakauntala, ndipo uthenga wa pa wailesi usalonjeze zoposa zimene thumbalo lingachite. Malamulo a dziko lino amaletsa malonda osocheretsa ogula, ndipo bungwe la CFTC limalandira madandaulo otere. Mlimi wopusitsidwa amafalitsanso nkhaniyo pamsika mwachangu kuposa wailesi.

Palinso njira yachidule imene ojambula mawu amaigwiritsa ntchito uthenga ukapitirira: kuuthamangitsa pa kompyuta kapena kudula malo onse opumira. Ngati wapitirira ndi sekondi imodzi, palibe amene angazindikire. Ngati wapitirira ndi masekondi 5, mawu amamveka opanikizika, ndipo agogo omvera pa kawailesi kakang'ono ka mabatire otha amangomva phokoso. Zikatero, cholembedwacho chibwerere pa tebulo kuti chiganizo chimodzi chathunthu chichoke.

Mayeso omaliza safuna studiyo. Uthenga ujambulidwe pa foni, kenako umvetsedwe kamodzi kokha kwa munthu amene ali pa ntchito ina ndipo sanaone pepala lija. Pakapita kanthawi afunsidwe kuti chikugulitsidwa n'chiyani, akugulitsa ndani, ndipo ali kuti. Akayankha kuti ndi nkhani ya anankafumbwe koma dzina la sitolo lamuthawa, dzinalo liyenera kunenedwa pang'onopang'ono kapena kachisudzo kafupikenso. Akatchula matumba a PICS, Kwa Auje ndi Mponela, uthengawo wapsa ndipo mwini sitolo angathe kukalipira nthawi ya pa wailesi.