Mlendo ali ku Joni, koma mawu ngati tili chipinda chimodzi

Mtolankhani ali ku Lilongwe, mlendo wake ali ku Johannesburg. Akajambula macheza awo kuchokera pa WhatsApp, mawu a mlendo amamveka ngati akuchokera m'chitini, ndipo netiweki ikagwedera mawu ena amasoweratu. Njira yabwino n'njakuti foniyo ingowathandiza kumvana, koma aliyense azijambula mawu ake komwe aliko. Akamaliza, mlendo amatumiza fayilo yake ndipo awiriwo amalumikizidwa pa kompyuta.

Aliyense akhale ndi zipangizo ziwiri, china choimbira, china chojambulira, poti mafoni ambiri salola kujambula bwino munthu ali pa lamya. Avalenso mahedifoni. Popanda amenewa, mawu a mnzake amalowa m'fayilo yake mochedwerako pang'ono, ndipo polumikiza chiganizo chilichonse chimamveka kawiri.

Ntchito yeniyeni ili pa kufananitsa, chifukwa palibe anthu awiri amene angadine batani pa nthawi imodzi. Onse akayamba kujambula, mlendo avule hedifoni n'kuigunditsa pa mayikolofoni, mtolankhani aombe m'manja kamodzi mwamphamvu. Phokosolo limalowa m'mafayilo onse awiri. Mukawatsegula mu Audacity, pulogalamu yaulere, kuombako kumaoneka ngati kamzere kosongoka, ndiye mumangokoka fayilo imodzi mpaka timizere tiwiri tija titayang'anizana. Kuwerenga mpaka katatu n'kuombera limodzi sikudalirika kwenikweni, popeza mawu amachedwa pa intaneti.

Ambiri amalekera pomwepa, n'kudabwa kumapeto kuti mlendo akuyankha funso lisanathe. Chipangizo chilichonse chili ndi wotchi yake yowerengera mawu, ndipo mawotchi awiri sayenda ndendende. Pa mphindi zisanu simungazindikire kanthu, koma pa ola lathunthu kusiyanako kumamveka. N'chifukwa chake muyenera kuombanso m'manja pomaliza. Tinene kuti pakutha kwa ola kuomba kwa m'fayilo ya mlendo kwatsalira ndi masekondi 0.4. Pezani malo anayi otalikirana pamene mlendoyo ali chete, ndipo pamalo aliwonse mudule masekondi 0.1. Womvera sangadziwe n'komwe. Ena amafulumizitsa fayilo yonse pang'ono, koma ine ndimakonda kudula, chifukwa sikukhudza mawu a munthu.

Kusiyana kukadza mwadzidzidzi pamalo amodzi, vuto si wotchi. Mwina wina anaimitsa kaye chojambulira, kapena foni yojambulira inaitana. Pezani malowo, dulani, mufananitsenso chigawo chachiwiricho pachokha.

Za bandulo nazo musaiwale. Fayilo ya WAV ya ola limodzi, pa 48 kHz, 16-bit, mono, imakwana pafupifupi 345 MB. Mlendo aitumize ngati Document pa WhatsApp kuti ifike momwe ilili, ndipo asaifufute m'foni mwake mpaka mutaitsegula n'kuimvera kufika kumapeto.