Mapu a Mulanje pa Foni: Yambirani M'mphepete

Mnzanu akakutumizirani chithunzi cha mapu a phiri la Mulanje, yambani mwaona ngati kabokosi komasulira zizindikiro kajambulidwa nawo. Ambiri pojambula amakadula, pomwe ndimo mmene mumalembedwa kusiyana kwa msewu waukulu ndi kanjira ka miyendo. Komanso kuwala kukachepa mitundu imasokonekera. Mtsinje wa Likhubula, womwe ndi wobiriwira ngati thambo, ungaoneke wakuda. Pamenepo yang'anani maonekedwe: mtsinje umakhotakhota n'kumalandira timifuleni, pomwe malire, monga a Malawi ndi Mozambiki, amajambulidwa modukizadukiza.

Mizere yofiirira ija imalumikiza malo okwera mofanana. Ikathithikana, monga kufupi ndi Sapitwa, nsonga ya mamita pafupifupi 3,000, ndiye kuti n'potsetsereka kwambiri. Ikamadutsa mtsinje imapindikira kumtunda, choncho mumadziwa kolowera madzi. Ngati mizere ikusiyana ndi mamita 20, kudutsa mipata isanu ndi kukwera mamita 100.

Za sikelo ya 1:50,000, yoti sentimita 2 ndi kilomita imodzi, musaidalire pa foni, chifukwa chithunzi chimakula n'kuchepa. Yezerani pa kamzere ka sikelo kojambulidwa pamapupo.