Foni imodzi, masheya 3,928: ndani anataya ndalama pa tsikulo?

Lachinayi, pa 27 Disembala 2001, Martha Stewart, mayi wotchuka ku Amereka chifukwa cha mapulogalamu a zophikaphika ndi zosamalira pakhomo, anali pa ulendo wa pandege wopita kutchuthi ku Mexico. Ali m'njira analandira uthenga kuchokera ku Merrill Lynch, kampani imene inkamugulira ndi kumugulitsira masheya. Uthengawo unali wachidule: a m'banja la Sam Waksal, mkulu wa kampani yopanga mankhwala ya ImClone, akugulitsa masheya awo mwaphuma. Mayiyo sanachedwe. Analamula kuti masheya ake onse a ImClone, okwana 3,928, agulitsidwe tsiku lomwelo, pa mtengo wa madola pafupifupi 58 iliyonse.

Chimene chinkathamangitsa banja la Waksal chinali chisanamveke kunja. Chiyembekezo chonse cha ImClone chinali pa mankhwala a khansa otchedwa Erbitux, ndipo Waksal anali atamva kuti bungwe la boma loona za mankhwala, la FDA, likana kuunika pempho lawo loti mankhwalawo aloledwe. Anayesa kugulitsa masheya ake, ogulitsira anthu masheya anamukanira. Koma anali atatsina kale khutu achibale, ndipo mwana wake wamkazi anagulitsa ake. Kampani inalengeza nkhaniyo Lachisanu madzulo, msika utatsekedwa. Pamene msika unkatseka Lolemba, sheya imodzi inali itatsika kufika pa madola pafupifupi 46. Pogulitsa msanga, Stewart anapulumutsa madola oposa pang'ono 45,000.

Anthu ambiri akamva nkhaniyi amangoona mwayi wa mayi wolemera. Amaiwala kuti sheya siigulitsidwa kumphepo. Masheya 3,928 aja anagulidwa ndi munthu wina, amene analipira madola 58 pa chinthu chimene mwini kampani ankadziwa kale kuti sichikufikanso pamenepo. Dzina la wogulayo silinalembedwe m'nyuzipepala iliyonse. Mwina anali mphunzitsi wosunga ndalama za ukalamba wake, mwina thumba la penshoni la anthu ogwira ntchito. Ndalama zimene wina anapulumutsa ndi zomwezo zimene winayo anataya.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Munthu wogula mbuzi pamsika amaigwira m'nthiti, amaiyang'ana m'maso ndi m'mano, ndipo ikakhala yodwala angathe kuzindikira. Sheya ilibe nthiti. Wogula amadalira zimene kampani yanena: phindu lake, ngongole zake, milandu imene ili nayo, zilolezo zimene ikuyembekezera. Mabwana a kampani, maloya ake ndi owerengera ndalama zake amadziwa zinthuzi anthu ena onse asanazimve, osati chifukwa cha nzeru zoposa anzawo, koma chifukwa eni masheya anawapatsa mpando woti awasungire chuma. Kugwiritsa ntchito chinsinsi chotere podzilemeretsa n'kubera anthu omwe anakukhulupirira.

N'chifukwa chake lamulo limayika munthu wam'kati pa mphambano ya njira ziwiri zokha: aulule nkhaniyo kwa anthu onse, apo ayi asagule kapena kugulitsa mpaka italengezedwa. Kunong'oneza mwana, mlamu kapena bwenzi si njira yachitatu. Wonong'onezayo amapalamula, ndipo wonong'onezedwa nayenso angagwidwe ngati ankadziwa kuti uthengawo watuluka mozemba. Si nkhani iliyonse imene imafika pamenepa. Iyenera kukhala yoti anthu sanaimve, komanso yolemera moti wogula wanzeru akanasintha maganizo ataimva. Mphekesera za kukangana kwa alembi muofesi sizisuntha mtengo. Kukanidwa kwa mankhwala amene kampani yonse ikudalira kumaugwetsa.

Ena amatsutsa kuti wogula uja akanagulabe tsiku limenelo, kaya Stewart agulitse kaya ayi. Pali zoona pang'ono m'mawuwo, koma amaphonya chachikulu. Anthu wamba akazindikira kuti nthawi zonse amene ali mbali inayo ya malonda amakhala atamva kale, amasiya kugula masheya, kapena amangogula pa mtengo wotsika kwambiri. Zikatero ngakhale kampani yachilungamo imavutika kupeza ndalama zokulitsira ntchito yake.

Nanga amagwidwa bwanji, popeza zonse zimachitikira pafoni? Malonda a masheya amasiya mapazi: ola, kuchuluka kwake, dzina la mwini. Anthu a banja limodzi akagulitsa mwadzidzidzi kutatsala tsiku limodzi kuti uthenga woipa utuluke, ofufuza amangotsata mapaziwo kubwerera m'mbuyo, n'kuwaika pambali pa kaundula wa mafoni. Stewart ananena kuti anapangana kalekale ndi womugulitsira masheya kuti agulitse mtengo ukangotsika pansi pa madola 60. Koma mnyamata wothandizira muofesi ya Merrill Lynch, amene anapereka uthenga uja, anaulula zonse m'khoti.

Mu 2003 Waksal analamulidwa kukakhala kundende zaka 7 ndi miyezi 3. Stewart anapezeka wolakwa mu 2004 ndipo anakhala miyezi 5 m'ndende, ina 5 osatuluka pakhomo. Chodziwika n'chakuti sanamangidwire kugulitsa masheyako, koma kunamiza ofufuza ndi kusokoneza chilungamo. Nkhani ya masheya enieniwo inatha mu 2006, pamene anagwirizana ndi bungwe loyang'anira msika, la SEC, kulipira madola pafupifupi 195,000, kuposa kanayi zimene anapulumutsa. Izi zikusonyeza pamene lamuloli limafookera: kutsimikizira khoti zimene munthu ankadziwa m'mutu mwake n'kovuta, ndipo mlandu umatha patapita zaka, wogula uja atataya kale.

Choncho chitetezo chenicheni cha munthu wamba chili pa malamulo okakamiza makampani kuulula msanga, chifukwa chinsinsi chikakhala kanthawi kochepa, mpata wochigulitsa umachepanso. Kuyambira mu 2000, lamulo la ku Amereka lotchedwa Regulation FD limaletsa kampani kuuza akatswiri ochepa osankhika nkhani yofunika osauzanso anthu onse. Kuyambira mu 2002, mkulu wa kampani akagula kapena kugulitsa masheya a kampani yake ayenera kulengeza pasanathe masiku awiri a ntchito. Kale ankatha kudikira mpaka mwezi wotsatira. Makampani ambiri amaletsanso mabwana awo kuchita malonda a masheya m'masabata oyandikira kutulutsa lipoti la phindu.

Kuno kwathu mfundo yake ndi yomweyo. Kampani imene ili pa msika wa masheya wa Malawi Stock Exchange ku Blantyre ikaona kuti phindu lake lisiyana ndi la nyengo ngati yomweyo chaka chatha ndi 20 peresenti kapena kuposerapo, imayenera kulengeza isanatulutse lipoti lonse. Ikakhala pa zokambirana zimene zingasunthe mtengo wa masheya, imatulutsa chidziwitso chochenjeza eni masheya kuti asamale pogula ndi pogulitsa. Zidziwitso zimenezi zimatuluka m'nyuzipepala, ndipo ambiri amangozidumpha ngati zotsatsa malonda. Komatu zimakhudza ngakhale munthu amene sanagulepo sheya, popeza gawo la ndalama za penshoni zimene amadulidwa mwezi ndi mwezi limaikidwa m'masheya a makampani omwewa.

Inu amene muli ndi masheya, werengani zidziwitsozo mpaka kumapeto musanaimbire foni wokugulitsirani masheya. Ndipo mnzanu wogwira ntchito m'kampani akadzakunong'onezani kuti gulani msanga nkhani isanatuluke, mukaneni: mukatsatira mawu akewo, mlanduwo udzakhala wa nonse awiri.