Batire ndi la mavoliti 12, foni imafuna 5: otsalawo amapita kuti?

Batire la sola kapena la galimoto limatulutsa magetsi a mavoliti 12, pamene foni imafuna mavoliti 5 okha kuti itchajidwe. Mukangolumikiza ziwirizi popanda china pakati, foni ikhoza kupsa nthawi yomweyo. Nchifukwa chake mu tchaja iliyonse yolumikiza ku batire muli kachipangizo kotsitsa mavolitiwo. Tizipangizo totere tilipo ta mitundu iwiri. Mtundu woyamba amisiri amautcha reguleta ya liniya, ndipo kodziwika kwambiri ndi kachipangizo kakuda ka miyendo itatu kolembedwa 7805. Wachiwiri ndi baki konveta, imene nthawi zambiri imagulitsidwa ngati kabolodi kokhala ndi koyilo ndi tchipi cholembedwa LM2596. Zonse ziwiri zimatulutsa mavoliti 5 ndipo foni singazisiyanitse. Batire ndilo limadziwa kusiyana kwake, chifukwa imodzi imalidya pafupifupi kawiri kuposa inzake.

Kuti timvetse chifukwa chake, pali lamulo limodzi lofunika kuligwira. Mphamvu ya magetsi imayezedwa m'mawati, ndipo mawati amapezeka pochulukitsa mavoliti ndi maampu. Mavoliti ndi kukankha kwa magetsi, maampu ndi kuchuluka kwa magetsi amene akuyenda mu waya. Foni imene ikukoka ampu imodzi pa mavoliti 5 ikulandira mawati 5. Mphamvu sizimiririka: mawati onse amene achoka m'batire koma osafika ku foni amasanduka kutentha penapake panjira.

Reguleta ya liniya ili ndi tiranzisita m'kati mwake imene imakhala yotsekuka pang'ono nthawi zonse. Magetsi amadutsa mopanikizika, ndipo mavoliti osafunikawo amathera pa tiranzisitayo. Maampu amene amalowa ndi omwewo amene amatuluka. Zili ngati woyendetsa kabaza amene akupalasa ndi mphamvu zake zonse kwinaku atagwira mabuleki kuti asathamange kwambiri: liwiro likhala loyenera ndithu, koma thukuta lake lambiri likuthera pa kutenthetsa mabuleki. Baki konveta imachita ngati mnzake amene amapalasa mwamphamvu kanthawi, nkusiya njinga iziyenda yokha, nkudzapalasanso liwiro lisanatsike.

Tiyeni tiwerengere foni yokoka ampu imodzi. Kutentha kwa reguleta ya liniya kumapezeka motere:

```
P = (Vin − Vout) × I
P = (12 − 5) × 1 = 7 W
```

Batire lapereka mawati 12, foni yalandira 5, ndipo 7 asanduka kutentha. Ndiye kuti pa mphamvu yonse imene yachoka m'batire, 42 peresenti yokha ndiyo yagwira ntchito. Masana, sola ikamadzaza batire, mavoliti amakwera kufika cha m'ma 14. Apa zinthu zimaipiraipira, chifukwa otayika amakhala mawati 9 ndipo ogwira ntchito amatsika kufika pa 36 peresenti. Palibe mmisiri angakonze zimenezi, pakuti si vuto la chipangizo chakufa. Ndi mmene reguleta ya liniya inapangidwira: gawo la mphamvu limene imapulumutsa silingapose mavoliti otuluka ogawidwa ndi olowa.

Mawati 7 angaoneke ochepa, koma taonani kukula kwa kanthu kamene kayenera kuwasenza. Kachipangizo ka 7805 ndi kofanana ndi chikhadabo cha chala chamanthu. Kakakhala pakokha, popanda chitsulo choziziritsa, kamatentha ndi madigiri pafupifupi 65 pa wati iliyonse imene kakutaya, ndipo m'kati mwake simuyenera kupitirira madigiri 125. M'nyumba ya malata mwezi wa Okutobala mpweya umafika madigiri 35 mosavuta, choncho malo otsala ndi madigiri 90 okha. Mukagawa 90 ndi 65 mupeza kuti kangapirire mawati 1.4 basi. Pa batire la mavoliti 12, amenewa ndi maampu 0.2, gawo limodzi mwa magawo asanu a zimene foni ija ikufuna.

Apa ndi pamene ambiri amapusitsika. Amamva kuti 7805 imapereka ampu imodzi, ndipo ndi zoona, koma imatero pokhapokha kutentha kukuchotsedwa. Ikatentha mopitirira, ili ndi chitetezo m'kati chimene chimadula magetsi. Chizindikiro chake ndi chakuti foni imayamba kutchaja bwinobwino, pakapita kanthawi imasiya, kenako imayambanso chipangizocho chikazirala. Munthu amasintha chingwe, amanyoza batire, amakayikira foni, pamene vuto lili pa kachitsulo kamene simungakakhudze ndi chala.

Mankhwala ake ndi kuimangirira pa chitsulo cha aluminiyamu chokhala ndi zipsepse, chimene amisiri amati hitisinki. Kukula kwake kumawerengedwanso. Madigiri 90 aja tikawagawa ndi mawati 7 tipeza kuti njira yonse yotulutsira kutentha isapose madigiri 13 pa wati. Mwa amenewa, pafupifupi 5 amathera m'thupi la chipangizocho, ndipo imodzi imathera pamene chakhudzana ndi chitsulo, ngakhale mutapaka phala loyera lothandiza kutentha kudutsa. Choncho pafunika hitisinki ya madigiri 7 pa wati kapena yoposa pamenepo ubwino, ndipo yotere ndi yaikulu kuposa reguletayo kambirimbiri. Koma dziwani kuti hitisinki imapulumutsa chipangizo, osati batire. Mawati 7 aja akutayikabe, kungoti tsopano akumwazikira mu mpweya.

Baki konveta imapewa kutayaku chifukwa tiranzisita yake sikhala yotsekuka pang'ono. Imagwira ntchito ngati switchi: imakhala yoyatsa kwathunthu kapena yozimitsa kwathunthu. Ikayatsa, maampu amadutsa koma pa iyo sipatsala mavoliti ambiri. Ikazimitsa, mavoliti onse amaima pa iyo koma palibe maampu odutsa. Popeza kutentha ndi mavoliti kuchulukitsa ndi maampu, m'nyengo zonse ziwirizi chimodzi mwa ziwirizi chimakhala chochepa kwambiri, ndipo kutentha nako kumachepa. Chinsinsi chonse cha baki konveta chagona pamenepa.

Tchipi cha LM2596 chimayatsa ndi kuzimitsa ka 150,000 pa sekondi imodzi. Kuti mavoliti 12 atsike kufika pa 5, switchi imakhala yoyatsa nthawi yoposa pang'ono magawo 5 mwa magawo 12 a ulendo uliwonse. Ikakhala yoyatsa, magetsi amadutsa mu koyilo kupita ku foni, ndipo koyiloyo imasunga ina mwa mphamvuyo ngati maginito. Switchi ikazima, koyilo imapitiriza kukankha magetsi mbali yomweyo kudzera mu dayodi, ndipo kapasita imasalaza mabampu otsala. Tchipicho chimayang'anira mavoliti otuluka nthawi zonse: akatsika chimatalikitsa nthawi yoyatsa, akakwera chimaifupikitsa.

Nayonso imataya ndithu, mu dayodi, mu waya wa koyilo, ndi pa kamphindi kosinthira kuchoka koyatsa kupita kozimitsa. Kabolodi ka LM2596 kamapulumutsa pafupifupi 80 peresenti potsitsa 12 kufika pa 5, ndipo tchipi zatsopano zimene zimaika tiranzisita yachiwiri m'malo mwa dayodi zimapitirira 90. Titenge 80 yomweyo. Kuti foni ilandire mawati 5, batire lipereka mawati 6.25, ndipo otayika ndi 1.25 okha. Kabolodiko kamafunda koma sikaotcha. Chodabwitsa china nchakuti m'batire mumachoka maampu 0.52 okha pamene ku foni kukufika ampu yathunthu, chifukwa konveta yasandutsa mavoliti ochulukawo kukhala maampu.

Kwa banja lodalira sola, kusiyanaku kumaoneka usiku. Tengani batire laling'ono lolembedwa 12V 7Ah. Batire la asidi lotere limakhalitsa mukamagwiritsa ntchito theka lokha la mphamvu yake musanalidzazenso. Theka limenelo, ndi reguleta ya liniya, litha m'maola atatu ndi theka. Ndi baki konveta lifika pafupifupi maola asanu ndi awiri. Batire ndi lomwelo, sola ndi yomweyo, koma mafoni otchajidwa achuluka pafupifupi kawiri. Kwa amene amatchajitsa mafoni pa msika, mawati otayikawo ndi ndalama.

Izi sizitanthauza kuti reguleta ya liniya ndi yotaya kudzala. Masamu omwe aja amaonetsa pamene ili yoyenera. Ngati chipangizo chikukoka maampu 0.02 okha, otayika ndi mawati 0.14, ndipo palibe chifukwa chovutikira ndi koyilo. Ngatinso mavoliti olowa ali pafupi ndi otuluka, imapulumutsa zambiri. Kutsitsa mavoliti 3.7 kufika pa 3.3 kumapulumutsa 89 peresenti, ngakhale pamenepa pamafunika mtundu wina wotchedwa LDO, chifukwa 7805 ndi abale ake amafuna kuti olowa apose otuluka ndi mavoliti awiri kapena kuposa.

Ubwino wake waukulu ndi bata. Kuyatsa ndi kuzimitsa kwa baki konveta kumabala phokoso la magetsi limene limayenda m'mawaya ndi mu mpweya. Mukamva wailesi ikulira mluzu kapena kusokosera mukangolumikiza tchaja, nkukhala bwino mukaichotsa, gwero lake ndi limenelo. Reguleta ya liniya ilibe zimenezi, ndiye imakondedwa m'zigawo za wailesi, zokuzira mawu ndi zoyezera zimene zimagwira timagetsi tofooka. Amisiri opanga zipangizo nthawi zambiri amaphatikiza ziwirizi: baki konveta imatsitsa gawo lalikulu popanda kutentha, kenako reguleta ya liniya imatsitsa kotsalako ndi kuyeretsa magetsiwo.

Baki konveta ili ndi misampha yakenso. Timabolodi tambiri ta LM2596 tili ndi kasikuluu kosinthira mavoliti, ndipo mukangotigula sitikhala pa 5. Lumikizani batire kaye, ikani mita kotulukira, potozani kasikuluuko mpaka mita ionetse 5.0, ndipo pamenepo mpamene mungalumikize foni. Yang'anitsitsani polumikiza mawaya a batire, chifukwa mukawatembenuza kabolodi kamafa pomwepo, ndipo ikani fyuzi pa waya wofiira pafupi ndi batire. Kapasita ikatupa pamwamba, mavoliti amayamba kugwedera ndipo phokoso limakula, choncho isintheni. Choopsa kwambiri ndi pamene switchi ya m'kati yapsa nkugwirana: mavoliti 12 onse amadutsa kupita ku foni. Tchaja imene yayamba kununkha kapena kutentha mosiyana ndi kale, ipimeni ndi mita musanaikhulupirirenso.

Ngati muli ndi tchaja ndipo simukudziwa kuti ndi ya mtundu uti, itsekuleni itachotsedwa ku batire. Mukaona koyilo, ndiye kuti ndi baki konveta. Ngati sitsekuka, pimani maampu ochoka m'batire ndi opita ku foni: akafanana ndi ya liniya, a ku batire akakhala pafupifupi theka ndi baki konveta. Ndipo musanamange chilichonse, chotserani mavoliti otuluka pa olowa, muchulukitse ndi maampu. Yankho likachepera wati imodzi, 7805 ikwanira. Likapitirira mawati awiri kapena atatu, makamaka ngati magetsiwo akuchokera m'batire, gulani baki konveta.