Mawu a kanema wa kusamba m'manja amayambira pa beseni la nsima

Mu kanema wa zaumoyo mumakhala munthu wosaoneka amene amalankhula zithunzi zikuyenda. Mawu akewo amalembedwa kamera isanatuluke m'chikwama, ndipo ndi amene amauza wojambula choti ajambule. Akalembedwa mwaulesi, kanemayo amangosanduka chikwangwani cha pachipatala chimene chapatsidwa pakamwa.

Wolemba ayambe wavomereza kuti uthenga woti "sambani m'manja" si wachilendo kwa aliyense. Mliri wa kolera umene unayambira ku Machinga mu Marichi 2022 unafika m'maboma onse a Malawi n'kupha anthu oposa 1,700, ndipo kampeni ya Tithetse Kolera itakhazikitsidwa kwa Mgona ku Lilongwe mu Febuluwale 2023, mawuwa anamveka pa wailesi, m'matchalitchi ndi m'mizikiti. Komanso ndi ndani kwathu kuno amene amagwira nsima asanasambe? Vuto lili pa kasambidwe. M'makomo ambiri beseni ndi limodzi, madzi ndi amodzi. Amayamba kusamba ndi akuluakulu, mwana wamng'ono n'kutsiriza, ndiye kuti amene thupi lake silinakhwime ndi amene amalandira madzi akuda kuposa onse.

Alangizi a zaumoyo amaphunzitsa nthawi zisanu zosambira m'manja: pochokera kuchimbudzi, mukasintha mwana thewera, musanakonze chakudya, musanadye, ndiponso musanadyetse mwana. Zonsezi n'zoona, koma kuzipanikiza mu kanema wa mphindi imodzi n'kutaya zonse. Ine ndingasankhe beseni lokha, zinazo zidikire makanema ake.

Tiyeni tiyese kulemba. Pepala timaligawa pawiri, kumanzere zimene maso aona, kumanja zimene makutu amva. Masekondi 15 oyamba, banja lili pamphasa, nsima yafika, beseni likuzungulira. Mawu akuti: "Nsima yapsa. Asamba bambo, asamba agogo, asamba mayi. Madzi ndi omwewo. Wotsiriza kusamba ndani?" Apa wolankhula akhale chete masekondi awiri, kamera ili pa mwana amene akuviika timanja take. Funsolo asaliyankhe, woonera ayankha yekha. Kenako: "Zonse zachoka m'manja mwa akulu zamudikira iyeyu. Kolera ndi matenda otsekula m'mimba amadutsira pomwepa."

Taonani kuti palibe amene watukwanidwa. Sitinanene kuti banjali ndi lauve kapena kuti mwambo wathu ndi woipa. Kusambitsa akulu poyamba ndi ulemu, ndipo kanema amene anyoza ulemu umenewo agogo amuzimitsa. Choti chisinthe n'chimodzi chokha, ndipo mawu otsatira akuchitchula: "Beseni lomweli lizingolandira madzi akuda. Tizithirirana ndi jagi kapena kapu. Nyowetsani m'manja, pakani sopo." Mwana wamkulu akagwada n'kuthirira bambo ake madzi, ulemu uja ulipobe, mwina waonjezekanso. Mawu ngati "tizithirirana" amamuika wolankhula pamphasa pomwepo. "Muyenera kutero" amamuimika pakhomo atanyamula kaundula.

Gawo lovuta ndi lotikita m'manja. Sopo amafuna masekondi osachepera 20 kuti amasule mafuta ndi litsiro zimene tizilombo timamatirira. Akatswiri odula kanema amakonda kufupikitsa gawoli kuti lisatopetse, koma woonera amatengera zimene waona. Mukamuonetsa masekondi asanu, nayenso adzatikita masekondi asanu. Choncho wolemba alembe poyera kumanzere kwa pepala kuti apa pasadulidwe, ndipo kumanja aikeko mawu ochepa kwambiri, dzina lililonse likugwera pamene dzanja lafika pamalopo: "Zikhatho. Kuseri kwa manja. Pakati pa zala. Chala chachikulu. M'zikhadabo." Pakati pa mawuwa pazimveka thovu ndi madzi basi. Chala chachikulu ndi nsonga za zala ndiye malo amene anthu amadumpha kawirikawiri, chikhalirecho nsima timaiumba ndi zomwezo, ndiye wolankhula achedwepo pang'ono.

Masekondi otsala ndi otsukuluza ndi kutseka: "Tsukuluzani ndi madzi othira. Musapukutire nsalu imene apukutira ena, mphepo iumitsa. Lero pa nsima, aliyense athiriridwe madzi akeake." Chiganizo chomaliza chikhale ndi chochita chimodzi komanso nthawi yochitira. Mayina a mabungwe amene apereka ndalama alembedwe pa chithunzi, asadye mpweya wa wolankhula.

Mawu onsewa sakufika 80, ndipo ndi dala. Mawu a Chichewa ndi aatali. "Tizilombo toyambitsa matenda" ndi mawu atatu okha, koma pakamwa pamatseguka kakhumi ndi kamodzi. Ichi n'chifukwa chake uthenga wolembedwa m'Chingerezi kuti ukwane mphindi imodzi umasefukira ukamasuliridwa, wolankhula n'kuyamba kuthamanga ngati wolengeza mpira. Mankhwala ake ndi kulemba m'Chichewa kuyambira pachiyambi, kuwerenga mokweza wotchi ili pambali, n'kudula chilichonse chimene chithunzi chanena kale. Ngati maso akuona mayi akutenga jagi, palibe chifukwa chonenera kuti mayi atenga jagi. Kanema yemweyo akamapita ku Mzimba kapena ku Mangochi, mawu a Chitumbuka ndi Chiyao nawonso ayesedwe pa wotchi paokha.

Pali misampha iwiri imene wolemba wokhala m'tauni amagweramo. Woyamba ndi kujambula mpopi wa m'nyumba ndi sopo wa m'botolo. Mayi wotunga pa mjigo akangoona zimenezo amadziwa kuti uthengawo si wake. Sopo aliyense amagwira ntchito, ngakhale kachidutswa kotsala pochapa, ndipo mawu azinena zimenezo. Kumene sopo amabedwa kapena kudyedwa ndi mbuzi, ena amasungunula magalamu 30 a sopo waufa m'botolo la madzi la lita imodzi ndi theka n'kuboola chitsekerero. Phulusa ndi lothandizira tsiku limene sopo wasoweratu, koma lisaikidwe pa mlingo umodzi ndi sopo. Mpondagiya, kachigubu kaja kopendeketsa ndi phazi, malo ake ndi mu kanema wa kuchimbudzi.

Msampha wachiwiri ndi kulonjeza zopitirira. Kafukufuku wa m'mayiko osiyanasiyana amaonetsa kuti kulimbikitsa kusamba m'manja kumachepetsa matenda otsekula m'mimba ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Ndi phindu lalikulu, koma si kutha kwa matenda. Banja limene likumwa madzi a pachitsime chosatetezeka osathira kulorini likhoza kudwalabe. Mukalemba kuti "simudzadwalanso", mwana n'kutsekula m'mimba sabata yotsatira, uthenga wonse wataya chikhulupiriro. "Mwatseka njira imodzi ya matenda" ndi mawu oona.

Musanalipire situdiyo, jambulani mawuwo pa foni wamba n'kukawamvetsera amayi ndi abambo angapo amene sanaone pepalalo, mwina pa tsiku la sikelo mutapempha chilolezo kwa azachipatala. Kanemayu ambiri adzamuonera pa kafoni ka sipika yaing'ono, ana akusokosera, choncho nyimbo ya pansi ikameza mawu mudziwiretu pomwepo. Musawafunse ngati aukonda, chifukwa mwaulemu adzati inde. Afunseni kuti, "Mwamva kuti madzulo ano muchite chiyani?" Akayankha kuti tizisamba m'manja, bwererani mukalembenso, chifukwa zimenezo ankazidziwa kale. Yankho limene mukufuna ndi lakuti tizithirirana madzi ndipo tizipaka sopo.