Galimoto ya magetsi pa Dedza: chisanu chimaba mtunda, kutentha kumapha batire

Amene amapikula kachewere ku Bembeke kapena kabichi pa Lizulu safunika kuuzidwa za chisanu cha ku Dedza. Tauniyi ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo phiri lenilenilo limapitirira mamita 2,000. M'mwezi wa Juni ndi Julayi, chifunga chimatseka msewu wa M1 mpaka dalaivala kumayenda ngati nkhono.

Tsono poti magalimoto oyendera batire ayamba kuoneka m'misewu yathu, ochita malonda ena akufunsa kuti kodi chinthu chimenechi chingakwere Dedza m'bandakucha osawasiya panjira? Yankho lagona pa zinthu ziwiri: mtundu wa hita yomwe ili m'galimotomo, komanso zomwe mwachita musanazule chingwe pakhoma.

Galimoto ya petulo imakufunditsani ulere. Injini imatentha kale, ndipo hita imangopatutsa kutenthako n'kukulowetsa mkati. Ya magetsi ilibe mwayi umenewo chifukwa mota yake siitentha kwenikweni. Mukayatsa hita, moto wake ukuchokera m'batire momwemo mukudalira kuti mufike. Kuonjezera apo, batire lozizira limachita ulesi ngati mafuta ophikira ogona panja: mphamvu ilimo koma imatuluka movutikira.

Mu 2019 bungwe la oyendetsa magalimoto la ku Amereka la AAA lidayesa magalimoto asanu. Pa madigiri 7 kunsi kwa ziro, hita ili chiyakire, mtunda udatsika ndi 41 peresenti. Hita itazimitsidwa udatsika ndi 12 peresenti yokha. Mwaona? Wakuba wamkulu si chisanu ayi, koma hita. Ku Dedza sikuzizira kufika pamenepo, komabe nkhani yake ndi yomweyo.

Mahita alipo a mitundu iwiri. Woyamba uli ngati mbaula ya magetsi kapena ketulo: yuniti imodzi ya magetsi imabala yuniti imodzi ya kutentha, basi. Wachiwiri ndi hitipampu, yomwe ili ngati filiji yotembenuza. Gwirani kumbuyo kwa filiji ya mu golosale, mupeza kukutentha, chifukwa makinawo akutola kutentha mkati n'kukutaya kunja. Hitipampu imatola kutentha mu mpweya wa panja, ngakhale wozizira, n'kukuthira m'galimoto. Yuniti imodzi imatha kubweretsa mayunitsi awiri kapena atatu a kutentha. Imafooka kukazizira koopsa, cha m'ma digiri 15 kunsi kwa ziro, koma chisanu cha ku Dedza ndi saizi yake yeniyeni.

Tiyeni tiwerengere limodzi ngati tikuwerengera phindu la thumba la kachewere. Yuniti ya m'batire ndi yomwe ija timagula ku Escom. Tinene kuti mwagula Nissan Leaf yakale ya ku Japani, ya batire la mayunitsi 24, koma chifukwa cha ukalamba mukutha kutapamo 18 okha. Mwanyamuka ku Lilongwe folo koloko m'mawa mu Julayi. Kukafika pa Dedza ndi makilomita pafupifupi 85, ndipo galimoto yotere imadya cha m'ma yunitsi 15 pa makilomita 100. Apo mwachotsa 13. Komanso ndi chitunda: mukukwera mamita oposa 500, zomwe zimafuna mayunitsi ena awiri ndi theka. Zonse pamodzi 15 ndi theka. Chenji chanu ndi mayunitsi awiri ndi theka.

Tsopano yatsani hita ya mtundu wa mbaula. Ikamakoka mayunitsi awiri pa ola, ulendo wa ola ndi theka m'chifunga wadya atatu. Ndiye kuti ndalama yaperewera, muima tauni ikuonekera patsogolo. Ya hitipampu ingadye imodzi yokha kapena kuposa pang'ono, ndipo mufika, ngakhale mtima uli m'mwamba. Kusiyana kwa mayunitsi awiri kumeneko ndi makilomita oposa khumi.

Pogula musangomvera za wogulitsa zoti "hita ilimo bwana". Leaf zoyambirira, za 2010 mpaka cha m'ma 2012, zilibe hitipampu. Idayamba kuikidwa cha m'ma 2013, koma m'zodula zokha za giredi X ndi G. Ya giredi S idatsala ndi mbaula yake. Funsani chaka ndi giredi, muone pa mapepala.

Chida chachiwiri n'chaulere: kukonzekeretsa galimoto isananyamuke. Hita imakoka kwambiri mphindi zoyambirira, pomwe mipando ndi magalasi zili zii. Mukaiyatsa chingwe chikadali pakhoma, ntchito yolemetsayo ailipira magetsi a m'nyumba, batire likhalabe lodzaza. Pa Leaf ya sikirini ya Chingerezi pali malo olembedwa Climate Ctrl. Timer, pomwe mumatchera nthawi yonyamukira. Dziwani kuti pa Leaf izi zimafunditsa mokhala anthu mokha. Magalimoto atsopano monga Tesla amatenthetsanso batire lenilenilo, makamaka mukawauza pa mapu kuti mukupita pa chaja yothamanga. Batire lozizira limakana kutchajidwa msanga, ndipo kulikakamiza kunsi kwa ziro kumaliononga mkati. N'zomwe zidasowetsa mtendere madalaivala ku Chicago mu Januwale 2024, pomwe magalimoto adaunjikana pa machaja m'chisanu choopsa.

Wa Leaf ali ndi njira yake: tcherani kuti kutchaja kuthe nthawi yonyamuka itayandikira, popeza batire limafundako likamatchajidwa. Koma paja magetsi athu amathima osatsanzika, choncho dzazani gawo lalikulu madzulo, kam'mawa kakhale kongomalizitsa.

Chisanu chili ndi ubwino umodzi: chimabwereka, sichilanda. Dzuwa likatuluka mtunda umabwerera. Kutentha ndiye katapira weniweni. Muja mwa AAA, pa madigiri 35 choziziritsa mpweya chikugwira ntchito, mtunda udatsika ndi 17 peresenti, zochepa poyerekeza ndi za m'chisanu. Apa hitipampu ilibe chapadera, imangogwira ntchito ngati choziziritsa wamba. Vuto lili pa batire: likamakhala lotentha, makamaka lili lodzaza, limakalamba msanga ndipo zotayikazo sizibwerera.

Leaf zakalezi zilibe madzi oziziritsa batire, limangodzizizirira lokha. Mu 2012 eni ake ku Phoenix, m'chipululu cha Arizona, adadandaula kuti mabatire awo afooka pasanathe zaka ziwiri. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje mu Okutobala kumapitirira madigiri 40. Amene akufuna kukatenga nsomba kunyanja kapena mbuzi ku Chigwa cha Shire aimike pamthunzi, atchaje usiku, ndipo asalumikize pa chaja yothamanga atangofika batire lili moto. Pa dashibodi ya Leaf yakale pali timizere 12 tosonyeza thanzi la batire. Kamodzi kakazima, pafupifupi 15 peresenti yapita. Werengani timizereto musanapereke ndalama.

Chenjezo lomaliza ndi la otsika Khwekhwerere kupita ku Golomoti. Potsetsereka, mota imabwezera magetsi m'batire ndipo imagwira galimoto ngati giya yaing'ono. Koma batire likakhala lodzaza thoo kapena lozizira kwambiri, lilibe poika magetsiwo, ndipo ntchito yonse imagwera mabuleki, katundu ali pamsana. Ngati ulendo ukuyamba ndi kutsika phiri, tchajani kulekeza pa 80 peresenti. Ena mwa otsalawo phiri likupatsani lokha, koma pobwerera madzulo lidzawafuna onse ndi chiwongoladzanja.